Kutuluka m'dziko ndi galu kapena mphaka: yambani ndi kalendala, tikiti ibwere pambuyo

Mlamu wanga atapeza ntchito ya unamwino ku Dublin, m'dziko la Ireland, anagawa pafupifupi chilichonse cha m'nyumba mwake kuno ku Mchinji, koma galu wake anakana kumusiya. Dzina lake ndi Kambuku, galu wamba wofiirira, wamakutu oima, wolemera makilogalamu 17. Anamutola ali kamwana, maso atangotseguka kumene, ndipo anamulera ndi phala ndi bonya mpaka kukula. Kuthamangathamanga kwa mapepala kunagwera ine, ndipo kunanditengera miyezi yoposa inayi. Zomwe ndinaphunzira ndi zomwe ndikulemba pano, kuti wina amene akufuna kunyamula galu kapena mphaka asataye nthawi ndi ndalama pa malo omwe ife tinapunthwa.

Nkhani yonse yagona pa masiku. Pepala lililonse lili ndi tsiku lomwe limayamba kugwira ntchito ndi tsiku lomwe limafa, ndipo lina limadalira linzake. Mukayamba ndi chomwe chimayenera kukhala chachiwiri, palibe kukonza ndi cholembera, mumayambiranso poyamba. Choncho musagule tikiti kaye. Tengani kalendala.

Choyamba: funsani dziko lomwe mukupita

Anthu ambiri amayamba ndi kufunsa ku ofesi ya za ziweto ya kuno kwathu kuti kodi galu atuluka bwanji. Funso limenelo ndi lachiwiri. Mwini malamulo ndi dziko lomwe chiwetocho chikukalowa, ndipo madokotala athu amangotsimikizira kuti zomwe dzikolo lapempha zachitika. Lemberani nthambi yoona za ziweto ya dziko limenelo, muwauze kuti ndi galu kapena mphaka, msinkhu wake, ndiponso kuti akuchokera ku Malawi. Afunseni ngati pakufunika chilolezo cholowetsera chiweto, katemera amene akumufuna, magazi oti ayezedwe, komanso fomu ya chiphaso cha umoyo yomwe iwo amaivomereza. Yankho libwere lolembedwa, mulisindikize, mulisunge.

Kutchula kuti akuchokera ku Malawi n'kofunika chifukwa cha chiwewe. Matendawa akadalipo kuno, ndipo mayiko omwe anawathetsa amaika chiweto chathu m'gulu lofunika kuunikidwa kwambiri. Mayiko a mu mgwirizano wa ku Ulaya, kuphatikizapo Ireland, amafuna kuti magazi ayezedwe kenako mudikire miyezi itatu. Ku South Africa amafuna chilolezo chawo, ndipo agalu ochokera m'mayiko ambiri amayezedwa matenda ena angapo a m'magazi. Ku America, kuyambira pa 1 Ogasiti 2024, galu aliyense wolowa ayenera kukhala wa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo. Ine nditsata njira ya ku Ulaya chifukwa ndi yomwe ndinaiyenda ndi miyendo yanga, ndiponso ndi yomwe imaonetsa bwino mmene masiku amalumikizirana.

Chachiwiri: tchipi, kenako katemera, osati mosemphanitsa

Tchipi ndi kachipangizo kofanana ndi kambewu ka mpunga komwe dokotala amakabaya pansi pa khungu, cha pakhosi kapena pakati pa mapewa. Sikamauza munthu komwe galu ali. Kamangosunga nambala, ndipo kamakina kowerengera kakayandikira, nambalayo imaoneka pa sikirini. Pemphani tchipi ya manambala 15, yomwe pa paketi yake palembedwa ISO 11784 kapena ISO 11785, chifukwa imeneyo ndi yomwe makina a m'mabwalo a ndege amatha kuiwerenga. Kuno ku boma sitinaipeze. Tinapita naye Kambuku ku chipatala cha ziweto ku Lilongwe.

Apa ndi pomwe tinagwa koyamba. Kambuku anali atabayidwa kale katemera wa chiwewe pa kampeni ya m'mudzi, miyezi iwiri m'mbuyomo, ndipo kakhadi kake tinali nako. Ndinakaonetsa dokotala monyadira, ndikuganiza kuti tadumpha gawo limodzi. Anakayang'ana, n'kundibwezera.

"Achimwene, katemerayu ndi wabwino, galu wanu ndi wotetezeka. Koma pa khadipa palembedwa galu wofiirira dzina lake Kambuku. Agalu ofiirira otchedwa Kambuku alipo angati m'Malawi muno? Munthu wa ku Ulaya adziwa bwanji kuti wobayidwayo ndi uyu?"

Lamulo lake ndi lakuti tsiku loika tchipi likhale lisanafike tsiku la katemera, kapena likhale tsiku lomwelo koma tchipi iyambe. Katemera aliyense wa m'mbuyo, tchipi isanalowe, sawerengedwa. Choncho pa 3 Febuluwale Kambuku anaikidwa tchipi, dokotala anaiwerenga ndi kamakina kuti aone ngati ikugwira, kenako anamubaya katemera wina wa chiwewe. Kuwerenga kwathu kunayambira pamenepo.

Musachoke pa tebulo la dokotala musanayang'ane buku la katemera. Muonemo nambala ya tchipi yonse, dzina la katemera, nambala ya gulu lomwe botolo linapangidwira, tsiku lobaya, tsiku lomwe katemerayo adzathe mphamvu, siginecha ndi chidindo. Madokotala ambiri amamata kapepala kochokera pa botolo lenilenilo, ndipo kameneko ndi kabwino kuposa kulemba pamanja. Werengani manambala 15 aja mokweza, mmodzi ali pa sikirini, wina ali pa buku. Nambala imodzi yolakwika imayenda kuchoka pa buku kupita pa fomu ya labu, kuchoka apo kupita pa chiphaso, ndipo imakaonekera tsiku lofika, galu ali kale m'dziko la eni.

Ngati chiweto chili chaching'ono, dziwani kuti katemera wa chiwewe amawerengedwa ngati chinabayidwa chitakwanitsa masabata 12. Mukaonjezapo masiku 30 ndi miyezi itatu yomwe ndikufotokoze pansipa, kagalu kochokera kuno sikangalowe ku Ulaya kasanakwane miyezi pafupifupi isanu ndi iwiri.

Chachitatu: kuyeza magazi ndi miyezi itatu yodikira

Katemera akalowa m'thupi, thupi limapanga asilikali olimbana ndi chiwewe. Kuyeza magazi n'kofuna kuona ngati asilikaliwo achuluka mokwanira. Magazi amatengedwa patadutsa masiku osachepera 30 kuchokera tsiku la katemera. Kwa ife tsiku la 30 linali 5 Malichi, koma tinapita pa 10 Malichi. Masiku asanu owonjezerawo sanatilande kanthu, pomwe kutenga magazi pa tsiku la 29 kukanapha zotsatira zonse ngakhale zitatuluka bwino chotani.

Magaziwo sapita ku labu iliyonse. Ayenera kupita ku labu yomwe dziko lolandira limaivomereza, ndipo athu anatumizidwa kunja kwa dziko. Dokotala amalekanitsa madzi a m'magazi, n'kuwaika m'kabotolo kolembedwa nambala ya tchipi, n'kutumiza ali ozizira. Zotsatira zimatenga masabata angapo. Pa pepala lomwe limabwera mufufuze nambala imodzi: ikhale 0.5 IU/ml kapena kuposerapo. Ikachepera, galu abayidwenso, mudikirenso, magazi atengedwenso, ndipo kalendala yonse imasuntha.

Miyezi itatu yodikira imawerengedwa kuchokera tsiku lomwe magazi anatengedwa, osati tsiku lomwe zotsatira zafika. Ambiri amasokoneza pamenepa, ena n'kudikira mopitirira, ena n'kuwerengera ku tsiku la katemera n'kufika msanga. Kwa Kambuku, 10 Malichi kuphatikiza miyezi itatu inatipatsa 10 Juni. Tsiku limenelo lisanafike, khomo linali lotseka. Chifukwa chake n'chomveka: chiwewe chimatha kubisala m'thupi kwa masabata kapena miyezi chisanaonekere, ndipo magazi sangasiyanitse asilikali obwera ndi katemera ndi obwera ndi matenda enieni. Akufuna aone kuti galuyo wakhala bwinobwino nthawi yonseyo.

Mlamu anayenera kuyamba ntchito mu Epulo, ndiye ananyamuka yekha, Kambuku n'kutsala kwathu. Apa panatulukanso lamulo lina. Kuti chiweto chiwerengedwe ngati cha pakhomo, osati malonda, chiyenera kuyenda pasanathe masiku asanu kuchokera pa ulendo wa mwini wake, kaya patsogolo kaya pambuyo. Zikapitirira apo, fomu imasintha ndipo zofunika zimachuluka. Mlamu anapempha tchuthi mu Juni, anabwera kudzaona mayi, n'kubwerera sabata yomweyo ndi galu wake.

Miyezi yodikirayi musaione ngati yongokhala. Ndi nthawi yopezera bokosi ndi kukambirana ndi a ndege. Ndi nthawinso yomusunga galuyo mu mpanda. Galu woyendayenda usiku akalumidwa ndi galu wachilendo kapena nkhandwe, dokotala woona mtima sangasaine kuti ali bwino.

Chachinayi: bokosi

Makampani a ndege amatsata malamulo a bungwe lawo la pa dziko lonse lotchedwa IATA pa kanyamulidwe ka nyama zamoyo. Mfundo yake ndi yakuti chiweto chizitha kuima chilili mutu osagunda denga, kutembenuka, ndi kugona momasuka. Koma pa bwalo la ndege sayesa ndi maso okha, ndiye inunso tengani tepi ya telala.

Muimikeni galu pansi posalala, wina amugwire. Yezani kuchokera pa nsonga ya mphuno kufika pomwe mchira wayambira. Yezani mwendo wakutsogolo kuchokera pansi kufika pa chigongono. Yezani kutambalala kwa mapewa. Pomaliza yezani kuchokera pansi kufika pamwamba pa mutu, kapena pa nsonga ya makutu ngati ali oima. Utali wa bokosi ndi muyezo woyamba kuphatikiza theka la wachiwiri. M'lifupi mwake ndi mapewa kuwirikiza kawiri. Msinkhu wake ndi muyezo wotsiriza kuphatikiza chofunda chomwe muyale pansi. Miyezo yonseyi ndi ya m'kati mwa bokosi.

Kambuku anatipatsa masentimita 74 kuchokera pa mphuno kufika pa mchira, 28 pa mwendo, 20 pa mapewa, ndi 64 kufika pa makutu. Choncho utali unafunika 74 kuphatikiza 14, kukhala 88. M'lifupi 40. Msinkhu 64 kuphatikiza 3 a chofunda, kukhala 67. Ine ndinali nditagula kale bokosi kwa munthu wina amene anachoka m'dziko muno, lotalika masentimita 81, msinkhu wake wosafika 60. Galu analowamo n'kugona bwinobwino, ndipo ndinati zatheka. Atadzuka kuti aime, makutu anapindikira pa denga. Bokosi limenelo likanakanidwa, ndipo ndinagulanso lina la masentimita 91 m'litali, 64 m'lifupi ndi 69 msinkhu poyeza kunja kwake, titaliyeza m'kati kaye ndi galu ali chiimire. Makutu oima a agalu athu ndi omwe amasankha bokosi, osati kulemera kwawo.

Bokosi likhale la pulasitiki yolimba, chitsulo kapena matabwa olimba, pansi pake posadontha. Chigawo chapamwamba ndi chapansi zilumikizidwe ndi mabawuti achitsulo, chifukwa tizotsekera tapulasitiki tongokanikiza timatseguka bokosi likagwedezeka. Chitseko chikhale chachitsulo, chotseka mwakuti galu sangachikankhe ndi mphuno. Mpweya ulowe mbali zonse zinayi, koma mabowo akhale ang'ono oti mphuno kapena phazi lisatuluke. Ngati lili ndi matayala, achotseni. Pa chitseko mumangirire mbale ya madzi yomwe munthu angathe kuthiramo ali kunja, osatsegula. Kunja kumamatidwa chizindikiro cholembedwa "Live Animals" ndi mivi yolembedwa "This Way Up". Alipo akalipentala aluso pa Kamwendo ndi pa boma omwe angakhome bokosi lokongola, koma musanawatume, funsani a ndege ngati amalandira lokhoma pamanja, chifukwa ena salilandira.

Bokosi likafika, lisakhale m'sitolo kudikira tsiku la ulendo. Ife tinachotsa chitseko, n'kuliika pakhonde pomwe Kambuku amagona, ndipo nsima yake tinkaiika m'katimo. Masiku atatu oyamba ankalowetsa mutu wokha, miyendo yakumbuyo ili panja, kudya msangamsanga n'kuthawa. Pofika sabata yachiwiri anayamba kugonamo masana. Kenako tinabwezera chitseko, kutseka mphindi zisanu, mawa lake theka la ola, mpaka usiku wonse. Pomaliza tinkalikweza pa galimoto n'kuzungulira naye pang'ono kuti azolowere kugwedezeka ndi phokoso. Galu amene walowa m'bokosi koyamba pa tsiku la ulendo amaluma chitseko mpaka kuthyola mano kapena kung'amba zikhadabo. Pa zonse zomwe tinachita, kuzoloweretsaku ndi komwe sikunadye ndalama, koma ndikukhulupirira kuti ndi komwe kunamuthandiza koposa.

Chachisanu: a ndege

Chiweto chimakwera ndege m'njira zitatu. Chaching'ono, monga mphaka, chimatha kulowa nanu momwe mumakhala anthu, chili m'chikwama chake pansi pa mpando wa kutsogolo kwanu. Makampani ambiri omwe amalola zimenezi amaika malire a makilogalamu 8, chiweto pamodzi ndi chikwama, ndipo pa buking'i yanu pamalembedwa PETC. Chachikulu chimatha kuyenda pa tikiti yanu ngati katundu woonjezera, kunsi kwa ndege, m'chipinda chomwe mpweya ndi kutentha kwake zimasamalidwa, ndipo chizindikiro chake ndi AVIH. Njira yachitatu ndi kago, pomwe chiweto chimakhala ndi pepala lakelake la ulendo, ndipo mumachipereka ndi kuchilandira ku nyumba ya katundu, osati kolowera anthu. Mayiko ena, monga Britain ndi South Africa, amafuna kuti chiweto chobwera pa ndege chifike ngati kago basi.

Kuchokera pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi palibe ndege yopita ku Ulaya mwachindunji. Mumasintha ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, nthawi zina kusinthanso kachiwiri. Choncho funso lanu lisakhale lakuti kodi kampani yakuti imanyamula agalu. Funsani za ndege iliyonse pa ulendowo, chifukwa ndege zina zazing'ono zilibe chipinda choyenera nyama kapena chitseko chake sichilowa bokosi lalikulu. Funsani amene adzasamale galuyo pa malo osinthira, maola angati adzakhalepo, ndiponso ngati dziko losinthiralo limafuna chilolezo chodutsira. Ngati tikiti yanu ili ndi makampani awiri, chilolezo cha imodzi sichimanga inzake. Ife zinatikanika pamenepo: kampani yachiwiri sinavomere kulandira galu kuchokera kwa yoyamba ngati katundu wa mlamu, ndiye Kambuku anayenda ngati kago, kudzera mwa ejenti wodziwa ntchitoyi.

Mtengo wa kago unandidzidzimutsa mpaka nditamvetsa mmene amawerengera. Galu ndi bokosi pamodzi zinalemera makilogalamu 27, koma iwo amalipiritsa malo omwe bokosi latenga. Amachulukitsa miyezo ya kunja kwa bokosi, utali, m'lifupi ndi msinkhu m'masentimita, n'kugawa ndi 6000. Kwa ife 91 kuchulukitsa ndi 64 ndi 69, kugawa ndi 6000, zinatuluka pafupifupi 67. Tinalipira ngati makilogalamu 67. Ndiye bokosi likhale lokwana bwino, koma musagule lalikulu mopitirira poganiza kuti mukumuchitira chifundo.

Malo a ziweto m'ndege imodzi amakhala ochepa, choncho pemphani msanga ndipo chivomerezo chibwere cholembedwa, chokhala ndi miyezo ya bokosi ndi kulemera kwake. Mukatero ndi pomwe mulipire tikiti yanu. Agalu ndi amphaka a mphuno zophwatalala amavutika kupuma kukatentha kapena akachita mantha, ndipo makampani ambiri amawakana kunsi kwa ndege kapena amafuna bokosi lokulirapo. Chiweto cha bere kapena chongobereka kumene nachonso amachikana kawirikawiri.

Chachisanu ndi chimodzi: masiku khumi otsiriza

Chiphaso cha umoyo ndi pepala lomaliza, ndipo ndi lomwe limafa msanga. Cha ku Ulaya chimakhala ndi moyo masiku khumi kuchokera tsiku lomwe dokotala wa boma wasaina kufika tsiku lomwe chiweto chaunikidwa polowa. Dokotala wanu wa masiku onse angathe kumuyeza galu ndi kudzaza fomu, koma siginecha ndi chidindo chomwe chimawerengedwa ndi cha dokotala wa boma, wa ku nthambi yoona za umoyo wa ziweto, yomwe likulu lake lili ku Lilongwe. Komweko ndi komwe mumatenga chilolezo chotulutsira chiweto m'dziko. Pitani kukadzionetsa masabata angapo zisanafike, mufunse tsiku lomwe wosainayo adzakhalepo. Ofesi ya za ziweto ya pa boma pano ikuthandizani ndi kalata yoyendera ndi chiweto kuchoka m'boma lino, ndipo pa malodibuloko a pa msewu wa ku Lilongwe ndi bwino kukhala nayo m'manja.

Agalu opita ku Ireland, Finland, Malta, Norway ndi Britain amafunikanso mankhwala a njoka za m'mimba zamtundu wa tepi, okhala ndi praziquantel. Awamwetse ndi dokotala, alembe tsiku ndi ola, ndipo nthawiyo ikhale pakati pa maola 24 ndi 120 galu asanalowe m'dzikolo. Kambuku ananyamuka pa 18 Juni kuti akafike pa 19. Tinasankha 16 Juni m'mawa kuti amwe mankhwala ndi kusainitsa chiphaso tsiku lomwelo. Pofika anali pa maola pafupifupi 70, ndipo ndege ikanachedwa ndi tsiku lathunthu tikanakhalabe m'kati mwa malire onse awiri. Musasainitse pa tsiku loyamba lololedwa. Siyani mpata wa ndege yochedwa. Ku Ireland amafunanso kuti muwadziwitse pasadakhale za kubwera kwa chiweto kuti woyeza adzakhalepo, ndipo mlamu anachita zimenezo sabata yomweyo.

Mapepala enieni amayenda ndi galu, m'thumba la pulasitiki lomatidwa pamwamba pa bokosi kapena m'manja mwa ejenti. Inu musunge makope awiri ndi zithunzi zake pa foni. Pa bokosipo lembani dzina la galu, nambala za foni za mbali zonse ziwiri, ndi ola lomwe wadya komaliza.

Tsiku la ulendo

Musamupatse mankhwala ogonetsa. Anthu amaganiza kuti ndi chifundo, koma mankhwalawa amatsitsa kuthamanga kwa magazi ndi kufooketsa kupuma, ndipo kunsi kwa ndege kulibe womuona. Galu wogonetsedwa satha kudzichirikiza bokosi likapendekeka. Akafika pa kauntala ali wolefuka, maso ali tulo, angathe kumukana pomwepo.

Kuchokera ku Mchinji kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 110, kudutsa pa Namitete ndi Msundwe, ndipo bwalo la ndege lili kutsogolo, kumpoto kwa mzinda. A kago amafuna chiweto maola angapo ndege isananyamuke, choncho ife tinagona ku Lilongwe. M'mawa tinamupatsa chakudya chochepa maola asanu ndi limodzi nthawi isanakwane, madzi ankamwa mpaka pomaliza, ndipo tinayenda naye ndithu mpaka anachita chimbudzi. Pansi pa bokosi tinayala thewera loyamwa madzi, pamwamba pake chitenje chakale cha mlamu chosachapa kuti fungo lake limukhazike mtima pansi. Lamba wa m'khosi ndi chingwe tinazichotsa n'kuzimangirira kunja, chifukwa m'katimo zimatha kukola pa chitseko. M'mbale munali madzi oundana kuti asatayike pokweza koma asungunuke pang'onopang'ono. Atamaliza kuunika, tinamanga chitseko ndi tizingwe tapulasitiki m'makona onse anayi. Juni ndi nyengo yozizira, zomwe zinatithandiza. Mukayenda mu Okutobala kapena Novembala, bokosi lisakhale padzuwa kapena m'galimoto yotseka ngakhale mphindi khumi, ndipo ngati n'kotheka sankhani ndege ya m'mawa kapena usiku.

Atafika ku Dublin, woyeza anayendetsa kamakina pakhosi pake, anafanizira manambala 15 ndi a pa chiphaso, anayang'ana masiku, n'kudinda. Mlamu anandiimbira ali pa bwalo pomwepo. "Alamu, wafika. Chitenje wachinyowetsa, koma akugwedeza mchira."

Nanga kungowoloka pa Mwami?

Ambiri a ife kuno ulendo wathu si wa ku Ulaya. Ndi wa ku Chipata kapena Lusaka, pa galimoto. Boda ya Mwami, ya pakati pa Malawi ndi Zambia, ili makilomita khumi ndi pang'ono kuchokera pa boma, ndipo kuyambira mu Disembala 2022 maofesi a mayiko awiriwa amagwirira ntchito malo amodzi. Kuyandikana kumeneku, komanso chibale chomwe tili nacho ndi anzathu a tsidya linalo, kumapangitsa anthu kuganiza kuti galu angangokwera kumbuyo kwa galimoto n'kudutsa. Zambia ndi dziko lina, ndipo dongosolo ndi lomwe lija: chilolezo cholowetsera chiweto chochokera ku nthambi ya za ziweto ya ku Zambia, chotengedwa musananyamuke, buku la katemera wa chiwewe amene sanathe mphamvu, ndi chiphaso cha umoyo chosainidwa ndi dokotala wa boma wa kuno. Zomwe akufuna kwenikweni zimalembedwa pa chilolezocho, choncho chitengeni choyamba, mupite nacho kwa dokotala. Fikani pa boda masana a tsiku la ntchito, ndipo funsiranitu ngati woona za ziweto adzakhalepo. Ngati mudzabwerera naye galuyo, chilolezo cha Malawi cholowetsera chiweto muchikonze musanachoke, chifukwa pobwera iye ndi wolowa ngati wina aliyense.

Ndikudziwa kuti pali tinjira ta m'minda tomwe anthu amadutsa ndi agalu awo tsiku lililonse. Sindikulangiza zimenezo. Galu wosabayidwa akaluma mwana tsidya linalo, kapena akabwera nacho chiwewe pakhomo panu, palibe pepala lomwe lingabweze zimenezo, ndipo chiwewe chikangoyamba kuonetsa zizindikiro sichichizika, kwa galu ngakhale kwa munthu.

Kwa amene mwayezetsa kale magazi, sungani pepala la zotsatira ngati mmene mumasungira pasipoti. Ku Ulaya silifuna kubwerezedwa moyo wonse wa chiweto, bola katemera wobwereza azibayidwa wakale asanathe mphamvu. Mukadumphitsa ngakhale tsiku limodzi, wotsatirayo amawerengedwa ngati woyamba, ndipo masiku 30 ndi miyezi itatu ija zimayambiranso. Katemera wa Kambuku wa pa 3 Febuluwale anali wa chaka chimodzi, ndiye mlamu analemba pa kalendala yake tsiku la m'katikati mwa Januwale.